MAU OCEPA OPEPESA BWENZI PA MALIRO: ALEMBEDWA MOTANI?

MALIRO akagwa mu komboni, kaya ndi ku Kanyama, ku Matero kapena ku Kalingalinga, mbiri sicedwa kufala. Dzuwa lisanalowe mipando imakhala itaturutsidwa m'nyumba, azimai atakhala pansi m'kati, ndipo azibambo ali panja kuzungulira moto. Nthawi yomweyo foni ya wofedwa imayamba kulira kosalekeza. Mauthenga amalowa ambirimbiri, koma oculuka amafanana ngati kuti analembedwa ndi dzanja limodzi: "Limbani mtima." "Ndi cifuniro ca Mulungu." "Tonse njira ndi yomweyo." Ena amangolemba zilembo cabe, RIP kapena MHSRIP.

Anthu olemba mau otere sakhala ndi mtima woipa ai. Ambiri amakhala atagwira foni kwa nthawi yaitali, kulemba ndi kufafaniza, kenaka n'kutumiza mau omwe anamva ena akunena pa maliro ena. Bvuto ndi lakuti mau oti angatumizidwe kwa munthu aliyense, pa imfa iriyonse, safika pamtima pa munthu amene wataya mwamuna wake, mai wake kapena mwana wake lero lino. Uthenga umene umatonthoza ndi uja umene wofedwa akaumva amadziwa kuti palibe wina akadaulemba koma bwenzi lakelo. Ndipo uthenga wotere sufuna maphunziro kapena mau ambiri.

Kale mapazi ndiwo anali uthenga

Pa mwambo wa makolo, munthu sapepesa maliro ndi pakamwa pokha. Amanyamuka, kufika pa nyumba ya maliro, kukhala pansi mwakacetecete, kenaka wacibale mmodzi amafotokoza momwe zinayendera. Ena amagona pomwepo masiku awiri kapena atatu mpaka tsiku loika. Mau sakhala ambiri cifukwa kupezeka kwa munthuyo kwanena kale zonse. Ndi cifukwa cake akulu amati maliro ndi kulirana.

Koma moyo wa mu Lusaka sulola aliyense kucita tero nthawi zonse. Wina ali pa nchito yoti sangacoke mpaka pa Ciweru. Wina ali kumudzi ku Katete kapena ku Petauke. Wina akhala ku Mtendere pomwe maliro ali ku George, ulendo wa mabasi awiri, ndipo m'thumba mulibe kanthu tsiku limenelo.

Palinso nthawi zomwe matenda enieniwo anatseka njira ya ku maliro. Mu 2020 ndi 2021, pa nthawi ya korona, boma linacepetsa ciwerengero ca anthu osonkhana pa maliro. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu opitirira 700 m'dziko muno, ambiri a iwo a m'makomboni a Lusaka, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera. Omwalira ndi matendawa anaikidwa mofulumira moyang'aniridwa ndi a zaumoyo, ndipo acibale owerengeka cabe ndiwo analoledwa kufika kumanda. Mabanja ambiri analira popanda khamu pakhomo. Kwa iwo uthenga wa pa foni ndiwo unalowa m'malo mwa mapazi.

Apa ndi pomwe pali bvuto. Pa nyumba ya maliro munthu angathe kukhala cete, ndipo cete ameneyo amamveka bwino. Pa foni cete samveka. Munthu ayenera kulemba kanthu, ndipo zomwe walemba zimatsala. Wofedwa amaziwerenganso usiku, anthu onse atagona, ngakhale patapita miyezi.

Zomwe ofedwa eni ake ananena

Mu 1986 akatswiri atatu a za maganizo, a Darrin Lehman, a John Ellard ndi a Camille Wortman, anafalitsa zomwe anapeza atafunsa anthu 94 a ku America amene anataya mwamuna, mkazi kapena mwana pa ngozi ya galimoto. Panali patapita zaka zinai mpaka zisanu ndi ziwiri cicitikire ngozizo. Anawafunsa kuti achule zomwe anzao ananena kapena kucita zimene zinawathandiza, ndi zimene sizinawathandize.

Zomwe zinathandiza zinali zapafupi: kupatsidwa mpata wonena zakukhosi, kuona kuti wina ali ndi nkhawa ndi iwo, kukhala ndi munthu pambali, ndi kukumana ndi ena amene anaona zofanana. Zomwe sizinathandize zinali kupatsidwa malangizo, kufulumizidwa kuti aiwale ndi kupitiriza moyo, kucepetsa kukula kwa cisoni cao, ndi kuuzidwa kuti "ndidziwa momwe mukumvera."

Akatswiriwo anafunsanso anthu ena 100 amene sanafedwe motero kuti iwo angacite ciani pofuna kuthandiza wofedwa. Mayankho ao anafanana kwambiri ndi zomwe ofedwawo anati zinawathandiza. Ndiye kuti anthu ambiri adziwa kale coyenera. Cimene cimawasokoneza ndi mantha a nthawi imeneyo. Munthu akayang'anizana ndi cisoni ca mnzake amasowa mtendere, amafuna kuti misozi ileke msanga, ndipo amathawira ku mau ozolowereka. Kafukufukuyu anacitika kutali ndi kuno, koma aliyense amene anakhalapo pansi pa nyumba ya maliro mu Chawama angazindikire zomwe anthu aja ananena.

Uthenga woyamba

Citsanzo cimodzi cingaonetse bwino nkhaniyi. Tinene kuti pali azimai awiri amene amakumana m'mamawa pa msika wa Soweto kugula tomato ndi ndiwo zokagulitsa. Mmodzi akhala ku Chawama, mnzake ku George. Aceza zaka zambiri. Tsiku lina madzulo wa ku Chawama uja amva kuti mwamuna wa mnzake wamwalira ku cipatala. Sangathe kunyamuka usiku umenewo cifukwa alibe womusiyira ana. Atenga foni ndi kulemba motere:

"Pepani mnzanga. Limbani mtima, musalire kwambiri. Ndi cifuniro ca Mulungu, tonse njira ndi yomweyo. Mukafuna kanthu mundiuze. MHSRIP."

Uthengawu uoneka wabwino, ndipo mai wa ku George adzalandira ena makumi angapo onga womwewu. Koma ndi bwino kuuona mbali ndi mbali, monga momwe ungamvekere kwa munthu amene mwamuna wake ali m'nyumba ya cisoni usiku womwewo.

Mau akuti "pepani" alibe mlandu. Ndi mau a makolo, ndipo wofedwa amawayembekezera. Kupewa mau ozolowereka sikutanthauza kutaya "pepani." Colakwa ndi kuima pomwepo, kapena kuunjikapo mau ena opanda mwini.

"Limbani mtima, musalire kwambiri" ndi lamulo. Limapatsa wofedwa nchito ina pamwamba pa cisoni cake, nchito yobisa misozi kuti ena asabvutike. Mai amene wauzidwa ndi anthu makumi awiri kuti alimbe mtima amayamba kuganiza kuti kulira kwake ndi kufooka. Koma kulira pa imfa ya mwamuna si matenda, ndipo sikufuna kuletsedwa.

"Ndi cifuniro ca Mulungu" ndi mau ocokera m'cikhulupiriro, ndipo alipo ofedwa amene amapeza mphamvu mwa iwo. Kusiyana kuli pa amene akuwanena. Wofedwa akawanena yekha, ndiye kuti wafika pobvomereza. Akauzidwa ndi wina pa tsiku loyamba, mauwo amamveka ngati atseka nkhani, ngati kuti palibenso cifukwa cofunsira kapena cokwiyira. Munthu wopemphera amene afuna kuika cikhulupiriro mu uthenga wake angacite bwino kunena zomwe iye mwini akucita, monga kuti "usiku uno ine ndi ana takupemphererani," m'malo mofotokozera mnzake maganizo a Mulungu.

"Tonse njira ndi yomweyo" ndi zoona, koma mauwa amasandutsa imfa ya munthu mmodzi kukhala nkhani ya anthu onse. Mai wa ku George sakulira anthu onse. Akulira mwamuna mmodzi amene anali ndi nkhope yake, kaseka kake ndi mpando wake m'nyumba.

"Mukafuna kanthu mundiuze" amamveka ngati cifundo, koma amasiya mtolo m'manja mwa wofedwa. Ayenera kuganiza comwe afuna, kulimba mtima kupempha, ndi kuopa kuti mwina apempha zambiri. Ambiri sapempha konse.

Zilembo za MHSRIP zimatenga kamphindi kulemba, ndipo wowerenga amadziwa zimenezo.

Uthenga waciwiri

Tsono mai wa ku Chawama uja afafaniza zonse, ndi kudzifunsa funso limodzi: kodi bambo amenewa ndiwakumbukira ndi ciani? Akumbukira usiku wina zaka zapitazo, pomwe anagona kwa mnzakeyo ndipo mwana wake anatentha thupi koopsa. Bambowo ndiwo ananyamula mwanayo pa phewa, mu mdima, mpaka ku kiliniki. Alemba motere:

"Pepani mnzanga, ndamva za alamu. Sindidzaiwala momwe ananyamulira mwana wanga usiku kupita naye ku kiliniki. Ndifika mawa ndi malasha. Musabvutike kuyankha."

Uthengawu uli ndi mau 21 cabe, ndipo ukwana mu uthenga umodzi wa pa foni, umene umalola zilembo 160. Koma muli zinthu zinai, ciriconse ndi nchito yake.

Coyamba, wachula malemu monga momwe iye ankawaitanira. Ena amalangiza kuti dzina la womwalira lilembedwe mu uthenga. Kuno munthu wamkulu sachulidwa dzina wamba, ndipo imfa sicotsa ulemu umenewo. Cofunika ndi kugwiritsa nchito mau omwe awiriwo ankanena masiku onse: alamu, ambuya, amai athu, kapena atate ake a mwana woyamba, pochula dzina la mwanayo. Mau akuti "malemu" kapena "thupi" ndi a pa cilengezo, si a pakati pa mabwenzi pa tsiku loyamba.

Caciwiri, wanena cinthu cimodzi coona cimene malemu anacita. Sanalembe kuti "anali munthu wabwino," pakuti pa maliro aliyense amakhala munthu wabwino. Wachula usiku umodzi ndi nchito imodzi. Mwina mai wofedwayo anali ataiwala kale za usiku umenewo. Tsopano wapatsidwa kanthu kena ka mwamuna wake koti asunge, ndipo wadziwa kuti si iye yekha amene wataya munthu. Cinthu cokumbukiraco sicifunika kukhala cacikuru. Cingakhale moni umene bambowo ankapereka, njinga imene ankakonzera ana a pafupi, kapena nyimbo imene ankakonda kuyambitsa ku chalichi. Cingofunika kukhala coona.

Cacitatu, walonjeza cinthu cimodzi, ndi tsiku lake. Pa nyumba ya maliro zosowa zimadziwika: malasha, unga, ndiwo, madzi, munthu wosunga ana ang'onoang'ono, munthu woperekeza acibale kukatenga zikalata za manda ku khonsolo, ndi ndalama za galimoto yopita ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Bwenzi lisankhe cimodzi cimene lingakwanitse. Lonjezo laling'ono losungidwa liposa lalikuru losweka. Amene walemba kuti "ndifika mawa" afike ndithu, cifukwa wofedwa amakumbukira amene anabwera ndi amene anangonena. Amene ali kutali anene zoona: "Sindidzatha kufika poika, ndiri ku Petauke mpaka pa 20. Ndikafika ndidzabwera molunjika kwanu."

Cacinai, wamasula mnzake ku nchito yoyankha. Munthu amene walandira mauthenga makumi asanu amamva ngati ali ndi ngongole makumi asanu. Mau awiri aja, "musabvutike kuyankha," amacotsa ngongole imodzi. Ndipo wolembayo asakhumudwe yankho likapanda kubwera.

Pali njira yapafupi yoyesera uthenga usanatumizidwe. Wolemba adzifunse: kodi mau omwewa ndingawatumize kwa munthu wina pa maliro ena popanda kusintha kanthu? Ngati yankho ndi inde, uthengawo sunafike pokhala wake. Aonjezepo cinthu cimodzi ca munthu ameneyu.

Pomwe malemu sanadziwike, ndi pomwe wamwalira ndi mwana

Nthawi zina bwenzi silinaonanepo ndi womwalirayo. Mnzake wa ku nchito wataya mai ake amene ankakhala kumudzi. Apa munthu asapeke nkhani. Anene zomwe adziwa kupyolera mwa mnzakeyo: "Pepani acimwene. Amai sindinaonane nao, koma ndidziwa kuti mwezi uliwonse munkathamangira kuwatumizira mankhwala. Nchito yanu ya Lacisanu ndigwira ine." Mau otere amauza wofedwa kuti cikondi cake cinaoneka, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri munthu amene akudziimba mlandu kuti sanacite zokwanira.

Imfa ya mwana ndiyo imene anthu amalakwitsapo kwambiri. Mau monga "mukali wamng'ono, mudzabereka wina" kapena "mwai muli ndi ena atatu" amanenedwa ndi colinga cabwino, koma amauza mai kuti mwana wake angalowedwe m'malo ngati mbale yosweka. Uthenga uchule mwanayo ndi dzina lake, pakuti mwana amachulidwa dzina, ndipo unene kanthu kake: momwe ankathamangira kulonjera alendo, kapena momwe ankakondera yunifomu yake.

Mai amene wapita padera kapena wabereka mwana wakufa kale nthawi zambiri salandira uthenga uliwonse, cifukwa pa mwambo maliro otere amacitika mwakacetecete ndipo khamu silisonkhana. Koma cisoni cake ndi ceniceni. Bwenzi lapamtima lingalembe mwacidule: "Ndamva, mnzanga, ndipo mtima wandiwawa. Ndidziwa momwe munamuyembekezera. Ndibwera Lacitatu kudzakucapirani."

Ndipo ngati mau asoweratu, kunena zoona kumakwanira. "Ndasowa conena, koma ndiri nanu maganizo usiku uno" ndi uthenga wabwino kuposa mwambi wobwereka.

Zosayenera kulowa mu uthenga

Funso lakuti "anadwala ciani?" lisalembedwe. Anthu amene anakhala m'makomboni a Lusaka m'zaka za m'ma 1990, pomwe Edzi inkatenga anthu nyumba ndi nyumba ndipo mankhwala anali asanafike kwa anthu wamba, akumbukira momwe funso limeneli linkalasira. Mpaka lero imfa ya kolera, ya cifuwa cacikuru, ya mowa kapena ya munthu wodzipha imabweretsa manyazi osayenera pa banja. Wofedwa akafuna kufotokoza adzafotokoza yekha. Momwemonso mau oloza cala, monga "mukadapita naye msanga ku cipatala," kapena onong'oneza kuti pali munthu amene wacita zimenezi, angayatse moto m'banja umene sudzazima msanga.

Wolemba akumbukirenso kuti pa maliro foni siikhala m'manja mwa mwini wake. Kawirikawiri imasungidwa ndi mng'ono wake, mlamu kapena mwana wa sukulu, amene amawerenga mauthenga mokweza pakati pa anthu. Motero cinsinsi ciriconse cisalowemo. Bwenzi limene lidziwa kuti mnzake amamwa mankhwala a ma ARV lisachule zimenezo pa foni, ngakhale pofuna kumukumbutsa. Nkhani ya nyumba, katundu, ngongole kapena kusamvana ndi acibale a mwamuna idikire mpaka awiriwo ataonana maso ndi maso.

Nthawi nayonso ifunika kusamala. Munthu asanatumize "pepani," atsimikize kuti mnzakeyo wauzidwa kale ndi acibale. Pa mwambo, mbiri ya imfa imaperekedwa ndi akulu, munthu atakhazikidwa pansi ndipo pali ena omugwira. Kumva za imfa ya mai ako kupyolera mu uthenga wopepesa, uli m'basi kapena pa nchito, ndi bala losaiwalika. N'cimodzimodzi ndi kuika cithunzi ca malemu pa WhatsApp kapena pa Facebook banja lisanalengeze.

Nthabwala za cimbuya, monga zija za pakati pa anthu a kum'mawa ndi Abemba, ziri ndi malo ake pa maliro, ndipo zimapeputsa mitima zikanenedwa pamaso, nkhope ikuoneka. Zikalembedwa, nkhope sioneka, ndipo zingamveke ngati mwano. Ndi bwino kuzisungira pa bwalo.

Kwa okalamba ndi ena amene sawerenga bwino, mau ojambulidwa pa foni amathandiza, koma akhale afupi, osapitirira theka la mphindi. Wotumiza cipepeso ca ndalama pa foni atumizenso mau ake padera. Ndalama zofika zokha zimathandiza kugula unga, koma sizinena kanthu za malemu.

Uthenga wa pambuyo pa maliro

Cisoni cimagwira thupi lomwe. Wofedwa amasowa tulo, safuna cakudya, mutu umawawa, ndipo amaiwalaiwala. Mu 2012 madotolo a ku Boston, ku America, atafunsa anthu pafupifupi 2,000 amene anadwalapo mtima mwadzidzidzi, anapeza kuti ngozi ya matendawa imakwera kwambiri pa tsiku loyamba munthu atataya wokondedwa wake, ndipo imatsika pang'onopang'ono m'masabata otsatira. Ofedwa ambiri sadwala mtima ai, koma amene ali kale ndi BP, shuga kapena matenda a mtima afunika kuyang'aniridwa, makamaka cifukwa m'masiku a maliro anthu amagona pansi, amadya mosakhazikika ndipo amaiwala mankhwala ao. Wofedwa akadandaula za kupweteka pacifuwa, kubanika kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, asauzidwe kuti ndi cisoni cabe. Apite naye ku cipatala nthawi yomweyo.

Cifukwa ca zimenezi, uthenga wofunika kwambiri mwina si woyamba uja. Pa masiku a maliro nyumba imadzaza. Pakapita sabata imodzi tenti imacotsedwa, acibale a kumudzi amakwera basi, mipando imabwerera m'nyumba, ndipo foni imakhala cete. Pamenepo ndi pomwe mai wa ku George adzaona mpando wopanda munthu. Mnzake wa ku Chawama angalembe, patapita masabata awiri kapena atatu: "Lero ndadutsa pa kiliniki paja, ndakumbukira alamu. Mwadya kanthu lero? Mawa tomato wanu ndikugulirani ine ku Soweto." Funso lakuti "mwadya kanthu lero?" limayankhika mosabvuta kuposa lakuti "muli bwanji?", limene yankho lake limakhala "ndiri bwino" ngakhale zinthu ziri zoipa. Masiku ena oyenera kukumbukira ndi tsiku lotsegulira sukulu, Khirisimasi yoyamba, ndi tsiku lokwanitsa caka.

Komabe uthenga si mankhwala. Ku France, mu 2017, madotolo anafalitsa zotsatira za kuyesa kwao, pomwe acibale ena a anthu omwalira m'cipatala anatumiziridwa kalata yopepesa ndipo ena sanatumiziridwe. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, olandira kalata sanapezeke ali bwino kuposa anzao, ndipo zizindikiro za kupsinjika maganizo zinali zoculukirapo pakati pao. Kalatayo inali yocokera ku cipatala, osati kwa bwenzi, koma phunziro lake ndi lomveka: mau olembedwa sacotsa cisoni. Nchito yao ndi kutsegula khomo kuti munthu afike.

Anthu ambiri amayamba kupeza mphamvu pang'onopang'ono mothandizidwa ndi acibale, anansi ndi a ku chalichi. Koma pali ena amene cisoni cimawamanga osawamasula. Kuyambira mu 2022, m'ndandanda wa matenda wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, muli matenda a cisoni cokhalitsa. Amaganiziridwa ngati papita miyezi yosacepera isanu ndi umodzi, nthawi yopitirira imene mwambo wa anthuwo umayembekezera, ndipo munthu akali kulakalaka malemu usana ndi usiku kotero kuti alephera kugwira nchito kapena kusamala ana. Bwenzi limene limalemba ndi kufika kawirikawiri ndilo limayamba kuona zizindikiro: kuonda, kudzitsekera m'nyumba, kuyamba mowa, kuleka mankhwala. Munthu wotere aperekezedwe kwa anamwino kapena aphungu pa kiliniki ya pafupi, monga ya George, Mtendere kapena Kalingalinga, kapena pa zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama, kumene angamutumize ku Chainama ngati pafunika kutero.

Ngati wofedwa ayankha ndi mau onga "ndifuna kumutsatira" kapena "ana muwasamale, ine ndatopa," imeneyo si nthawi yolembanso uthenga. Bwenzi liimbe foni nthawi yomweyo, lipite kapena litume munthu wa pafupi, lisamusiye yekha, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Mai wa ku Chawama uja, kutaca, amanga thumba la malasha, akwera basi yopita m'tauni ndi ina yopita ku George. Pofika abvula nsapato pakhomo, alowa, ndi kukhala pansi pafupi ndi mnzake. Safunika kunenanso kanthu, pakuti zomwe anali nazo ananena kale usiku m'mizere inai.